Msonkhano wa 4 koloko wachitika 3 koloko: ndalakwitsa pati?

Tadala: Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira dzulo. Ndili ndi kasitomala ku New York amene ndakhala ndikuwakonzera webusayiti kuyambira pakati pa Novembala chaka chatha. Lolemba lililonse timakumana pa intaneti, kwa iwo imakhala 9 koloko m'mawa, kwa ine 4 koloko madzulo, ndipo sitinaphonyanepo ngakhale kamodzi. Dzulo pa 10 Malichi ndinalowa kutatsala mphindi 5 kuti 4 koloko ikwane monga mwa masiku onse, koma ndinapeza mulibe munthu. Nditatsegula imelo ndinapeza mauthenga awiri, wina wofunsa ngati ndili bwino, wina wonena kuti andidikira mphindi 20 ndipo atuluka. Uthenga woyambawo unafika 3:10. Palibe amene anandiuza kuti tasintha nthawi. Kodi chachitika ndi chiyani, nanga ndiwayankhe bwanji? Ndine wa UTC+2, kutanthauza kuti nthawi ya kwathu ili maola awiri patsogolo pa UTC, muyeso wa nthawi wa dziko lonse.

Kondwani: Pepani achemwali. Onani kaye wotchi ya pa kompyuta yanu, mwina yatsalira. Ineyo zinandichitikirapo kabatire ka m'kati katatha mphamvu, nthawi inkangobwerera yokha.

Tadala: Ndaona achimwene, kompyuta ndi foni zikunena nthawi imodzi, ndipo ndi yolondola.

Bambo Phiri: Wotchi yanu ilibe vuto a Tadala. Yomwe yasuntha ndi ya kasitomala wanuyo. Madera ambiri a ku Amereka amakankhira mawotchi awo kutsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lachiwiri la Malichi, n'kudzawabweza Lamlungu loyamba la Novembala. Chaka chino cha 2025 anakankha pa 9 Malichi, dzana lomweli, ndipo adzabweza pa 2 Novembala. Inu munayamba nawo ntchito pakati pa Novembala atangobweza kumene, n'chifukwa chake miyezi yonseyi simunakumane nazo.

Masamu ake ali motere. Mpaka sabata yatha New York inali pa UTC-5, inu muli pa UTC+2, kusiyana kwake maola 7, ndiye 9 koloko yawo inali 4 koloko yanu. Kuyambira Lamlungu ali pa UTC-4, kusiyana kwatsika kufika pa maola 6, ndipo 9 koloko yawo ndi 3 koloko yanu. Kwa iwo palibe chomwe chasintha. Anadzuka, wotchi ikuti 9, analowa mu msonkhano. N'chifukwa chake sanakuuzeni, sankadziwa n'komwe kuti pali choti akuuzeni.

Ndikufunseni chinthu chimodzi. Msonkhanowu unali pa kalenda yomwe anakutumizirani iwo, kapena munaulemba nokha?

Tadala: Ndinaulemba ndekha bambo. Iwo anangondipatsa linki imodzi yomwe timagwiritsa ntchito sabata zonse, ine n'kulemba pa kalenda ya mu foni kuti Lolemba lililonse 16:00.

Bambo Phiri: Pamenepo ndi pomwe panagona vuto. Msonkhano wobwerezabwereza umatsatira wotchi ya dera lomwe unalembedwera. Wanuwo unamangidwa ku nthawi yanu, yomwe sisintha chaka chonse, pomwe m'mutu mwa kasitomala unamangidwa ku 9 koloko ya New York. Munali ndi misonkhano iwiri yosiyana yomwe inkangokumanizana kwa miyezi inayi. Iwo akanakutumizirani chiitano cha pa kalenda, chikanasuntha chokha n'kukuonetsani 15:00.

Pokonza, fufutani chomwe munalembacho. Apempheni akutumizireni chiitano, kapena chilembeni inuyo koma pa malo olembedwa `Time zone` musankhe New York ndipo mulembe 9:00. Mukatero suzumirani masabata akutsogolo mpaka Lolemba la pa 3 Novembala. Ngati pamenepo pakuoneka 16:00 pomwe sabata ya m'mbuyo mwake pali 15:00, ndiye kuti mwamanga bwino.

Yamikani: Ine njira yanga ndi yosavuta, ndimauza kasitomala aliyense kuti tizigwiritsa ntchito GMT basi. Nthawi ya ku London ija. Aliyense amawerengera kuchokera pamenepo, palibe zosokonekera.

Mayi a Chisomo: A Yamikani, mbali imodzi mukunena zoona. Kukhala ndi muyeso umodzi wosasuntha kumathandizadi, makamaka polemba nthawi yomaliza kupereka ntchito. Koma GMT si nthawi ya ku London chaka chonse. Ku Britain nawonso amasuntha wotchi, kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo miyezi imeneyo London imakhala ola limodzi patsogolo pa GMT. Munthu wa kumeneko mukamuuza mu Julayi kuti 2 koloko GMT, nthawi zambiri amamva kuti 2 koloko ya pa wotchi yake, ndiye mudzasemphana ndi ola lathunthu. Ngati mukufuna muyeso wosasuntha, lembani UTC, chifukwa palibe amene amaiona ngati nthawi ya kwawo.

Komabe ngakhale UTC siikanawapulumutsa a Tadala. Mukamanga msonkhano ku 14:00 UTC, kasitomala wa ku New York adzaupeza 9 koloko miyezi ina, 10 koloko miyezi ina. Kusunthako sikutha, mumangosankha amene azisenza. Ndipo kunena zoona, kasitomala amene ali ndi misonkhano ina yondondozana pa wotchi yake sangavomere kuti wanu wokha uziyendayenda.

Yamikani: Za London sindinkadziwa, zikomo mayi. Koma makasitomala anga ambiri ndi a ku Japan ndi ku Dubai, mwina n'chifukwa chake sizinandivutepo.

Mayi a Chisomo: N'chifukwa chakedi. Japan ili pa UTC+9, Dubai pa UTC+4, ndipo konseko sasuntha wotchi.

Tadala: Tsopano ndamva gwero lake, zikomo kwambiri. Koma mwatchula London, mtima wanga wagundanso. Mu msonkhano womwewu mumakhala bambo wina wa ku London amene amalemba mawu a pa webusayiti. Ndiye kuti pa 30 Malichi zisinthanso?

Bambo Phiri: Kwa inu ayi, kwa iwo inde. Popeza msonkhano wamangidwa ku New York, inu mukhala pa 3 koloko mpaka kumapeto kwa Okutobala. Bambo a ku London ankaupeza 2 koloko masana. Dzulo anaupeza 1 koloko, ndipo zikhala choncho pa 17 ndi pa 24 Malichi. Mawotchi awo akasuntha pa 30 Malichi, kuyambira pa 31 adzabwerera pa 2 koloko. Masabata atatu amenewa, pomwe Amereka yasuntha koma Ulaya sanasunthe, ndi amene amaphonyetsa anthu misonkhano kwambiri. Palinso sabata imodzi yotere kumapeto kwa chaka, chifukwa Ulaya adzabweza pa 26 Okutobala pomwe Amereka idzabweza pa 2 Novembala.

Samalani pa chinthu chimodzi. Ngati muli ndi nthawi ina yomwe mumakumana awiriwiri ndi bambo a ku London aja, imeneyo ndi yomwe idzasunthe kwa inu pa 30 Malichi. Kusiyana kwanu ndi iwo kudzachoka pa maola 2 kufika pa ola limodzi.

Kwa amene muli pa Linux, mungathe kudzionera nokha:

```
date -u -d 'TZ="America/New_York" 2025-03-03 09:00'
date -u -d 'TZ="America/New_York" 2025-03-10 09:00'
```

Mzere woyamba ukupatsani 14:00 UTC, wachiwiri 13:00 UTC. Chachikulu apa n'chakuti ndalemba dzina la mzinda, osati `EST`. Anthu ambiri a kum'mawa kwa Amereka amalemba EST, chidule cha nthawi yawo ya miyezi yozizira, chaka chonse pomwe miyezi yotentha nthawi yawo ndi EDT, ndiye mukaitenga EST yeniyeni n'kuiwerengera mudzachedwa ndi ola. Zidule zina n'zoopsa kuposa pamenepo. CST ingakhale ya ku Chicago kapena ya ku China, IST ingakhale ya ku India, ku Ireland kapena ku Israel. Ine munthu akandilembera chidule, ndimamufunsa mzinda womwe ali.

Thoko: Nanga nkhani yopepesa? A Tadala anafunsanso zimenezo. Ine maganizo anga ndi oti asapepese kwambiri, vuto si lawo. Kasitomala ndi amene wotchi yake yasuntha, anayenera kunena.

Mayi a Chisomo: Sindikugwirizana nazo a Thoko. Anthu awiri anakhala mphindi 20 akudikira, kupepesa kuyenera kukhalapo. Koma kukhale kwachidule ndipo kufike lero lomwe. Ine ndikanalemba chonchi: "Pepani kuti sindinapezeke dzulo. Kalenda yanga sinatsatire kusintha kwa mawotchi kwanuko, ndipo ndaikonza tsopano. Zomwe ndikanakufotokozerani ndalemba m'munsimu. Ngati mukufunabe kuti tilankhulane sabata ino, ndilipo Lachitatu 9:00 kapena Lachinayi 10:00 nthawi ya New York." Muona kuti nthawi ndaipereka pa wotchi yawo, ndipo ndapereka ziwiri zoti asankhepo. Mukangofunsa kuti "muli ndi mpata liti", mwawononga kale tsiku limodzi kudikira yankho, lina kudikira kuti mutsimikizirane.

Thoko: Kupereka nthawi ziwiri ndavomereza. Koma ndimaonabe kuti ife timafulumira kusenza zolakwa zomwe si zathu, ndipo makasitomala ena amazolowera.

Tadala: Ndatumiza uthenga wofanana ndi umene mwalembawo mayi. Koma nkhaniyi yandiganizitsa za chinthu china. Kasitomalayu amandilembera nthawi iliyonse, ngakhale 10 koloko usiku wanga, ndipo ine ndimayankha pompopompo poopa kuti angaganize kuti ndikuzemba ntchito. Mwana wanga amagona ine ndili pa foni. Anzanga mumatani?

Bambo Phiri: Tengani pepala muwerengere maola omwe nonse awiri mumakhala pa ntchito nthawi imodzi. Tinene kuti inu mumagwira kuyambira 8 m'mawa mpaka 5 madzulo, iwo kuyambira 9 mpaka 5 kwawoko. Tsiku lawo panopa likuyamba 3 koloko madzulo anu n'kutha 11 koloko usiku. Ndiye mumakumana maola awiri okha, 3 mpaka 5. Kuyambira Novembala tsiku lawo lizidzayamba 4 koloko n'kutha pakati pa usiku, ndipo mudzatsala ndi ola limodzi. Uthenga wa 10 koloko usiku uja iwo amaulemba 4 koloko madzulo, ali mkati mwa ntchito. Sikuti akukuvutitsani dala, sakuona mdima womwe uli kwanu.

Zomwe ndinachita ine ndi kasitomala wa dera lomwelo n'zakuti ndinasuntha tsiku langa, osati kulitalikitsa. Ndimayamba 10 m'mawa. Ndinawauza kuti kuyambira 9 mpaka 12 koloko nthawi yawo, Lolemba mpaka Lachinayi, ndimakhala pa kompyuta ndipo uthenga ndimauyankha pasanathe mphindi 30. Kwa ine zimenezo ndi 3 mpaka 6 koloko miyezi ino, 4 mpaka 7 miyezi inayo. Chilichonse chofika nthawiyo itadutsa amachipeza chayankhidwa akamadzuka. Lonjezo lachiwirili ndi limene limawakhazika mtima pansi, ndipo ndi losavuta kulisunga chifukwa ndili ndi m'mawa wanga wonse iwo ali mtulo.

Ndinawapatsanso njira imodzi ya zadzidzidzi, yomwe ndi kuimba foni, ndipo tinagwirizana kuti zadzidzidzi ndi ziti. Webusayiti yagwa, kapena ogula akulephera kulipira. Mtundu wa batani si wadzidzidzi.

Kondwani: Koma akulu, kuwauza choncho sikungawathawitse? Pali anthu ambirimbiri okonzeka kuyankha usiku wonse.

Bambo Phiri: Ena angathawe, sindinganame. Mmodzi anandisiya chifukwa ankafuna munthu wopezeka tsiku lawo lonse, ndipo ntchito yake inkafunadi zimenezo chifukwa inali yoyankha ogula. Zoterezi ndi bwino kuzidziwa musanasainirane. Koma ambiri chomwe chimawavutitsa ndi kusadziwa kuti yankho libwera liti. Vuto la a Tadala ndi lakuti miyezi inayi yonseyi awazoloweza kuyankhidwa 10 koloko usiku. Akangosiya mwakachetechete, kasitomala adzaona ngati china chake chalakwika. Ayenera kunena poyera, ndipo mpata wabwino ndi uno, pomwe nkhani ya nthawi ili kale pakamwa.

Limbani: Ndilowererepo ndi nkhani yanga, popeza nonse mukukamba za kumadzulo. Ine wanga ali ku Sydney, ndipo kumeneko zonse n'zotembenuka. Iwo amakankha wotchi Lamlungu loyamba la Okutobala n'kubweza Lamlungu loyamba la Epulo. Panopa ali pa UTC+11, maola 9 patsogolo panga. Mwezi watha anandiuza kuti lipoti lifike "Lachisanu pomaweruka". Ine ndinakonza zoti ndimalize Lachisanu masana. Osadziwa kuti 5 koloko madzulo ku Sydney ndi 8 koloko m'mawa kwa ine. Ndimati ndiziyamba ntchito, iwo akutseka ofesi kupita kukapuma mpaka Lolemba. Kuchokera pamenepo ndimadziuza kuti Lachisanu la kasitomala wa kum'mawa ndi Lachinayi langa.

Mayi a Chisomo: Nkhani ya a Limbani ikuonetsa chifukwa chomwe ndinasiyira kulemba mawu akuti "mawa", "madzulo ano" kapena "pomaweruka". Uthenga wanu umawerengedwa patapita maola 8 kapena 10, mawa lanu litasanduka lero lawo. Ndimalemba tsiku, deti, ola ndi mzinda: Lachisanu pa 14 Malichi, 17:00 nthawi ya Sydney. Mwezi ndimaulemba m'mawu, chifukwa 03/04 kwa munthu wa ku Amereka ndi 4 Malichi pomwe kwa wa ku Britain ndi 3 Epulo. Ndipo 12 koloko ndimaipewa ndithu pa nthawi zomaliza kupereka ntchito, anthu amasokoneza ya masana ndi ya usiku. Bola kulemba 11:00 kapena 23:00.

A Limbani, pa 6 Epulo mudzakumbukire kuti kusiyana kwanu kudzatsika kufika pa maola 8. Ndipo mukadzapeza kasitomala wa ku Brisbane musadzatengere za Sydney, kumeneko sasuntha wotchi.

Limbani: Ndalemba kale pa kalenda mayi. Chomwe chikundivutabe n'chakuti ine ndi iwo sitikumana n'komwe pa maola a ntchito. Ndikafuna kulankhula nawo ndimadzuka 6 koloko m'mawa, kwa iwo ili 3 koloko madzulo.

Mayi a Chisomo: Ngati simukumana, ndiye kuti uthenga womwe mumasiya poweruka ndi umene ukugwira ntchito ya msonkhano. Apa ndifotokoze mofatsa chifukwa ndi pomwe ndinataya masiku ambiri ndisanaphunzire. Ine wanga ali ku California, kumene 9 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo anga miyezi ino, 7 koloko miyezi inayo. Funso lililonse lomwe ndingafunse limadya tsiku lathunthu. Ndikafunsa Lolemba madzulo kuti "chithunzi chiti ndiike pamwamba?", Lachiwiri m'mawa ndimapeza yankho lakuti "pa tsamba liti?". Ndikafotokoza, yankho lenileni limafika Lachitatu. Masiku awiri apita pa nkhani yomwe tikanaimaliza m'mphindi imodzi tikanakhala chipinda chimodzi.

Ndiye funso ndimalilemba moti munthu athe kuyankha ndi mawu amodzi ali pa foni, osatsegula china chilichonse. Chitsanzo cha uthenga wanga ndi ichi:

"Lachiwiri pa 11 Malichi. Tsamba la mitengo latha, linki yake ndi iyi, mungaliyese. Tsamba lolembetsera silinathe, fomu ikukana manambala a foni a kunja, ndikhala ndakonza pofika Lachinayi pa 13 Malichi, 9:00 nthawi yanu. Ndikufuna chinthu chimodzi kwa inu: pa tsamba loyamba ndiike chithunzi A kapena B? Zonse ziwiri ndaziphatika m'munsimu. Ine ndikuona kuti A ndi chabwino chifukwa mawu akuwerengeka pa foni. Ndikadzuka osapeza yankho ndipitiriza ndi A, kusintha pambuyo pake ndi ntchito ya mphindi 10."

Chiganizo chomalizacho ndi chimene chimandipulumutsa. Sindikhala manja lende kudikira, ndipo iwo akudziwa chomwe chichitike akakhala chete. Koma chili ndi malire ake. Ndimachigwiritsa ntchito pa zinthu zobwezeka zokha. Kufufuta zinthu, kutumiza uthenga kwa ogula awo, kapena chilichonse chowonongetsa ndalama, pamenepo ndimadikira mpaka atanena okha.

Yamikani: Tsiku lililonse mayi? Ine ndimaona ngati kulemba tsiku ndi tsiku kumatopetsa owerenga. Ndimatumiza kamodzi pa sabata, Lachisanu, ndipo palibe anadandaulapo.

Mayi a Chisomo: Zimatengera ntchito. Ngati ndi yoyenda pang'onopang'ono ndipo simudalira mayankho awo, kamodzi pa sabata n'kokwanira. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Kasitomala akayamba kukulemberani kuti "zili pati?", ndiye kuti mauthenga anu akuchepa kapena sakunena kanthu. "Ntchito ikuyenda bwino" si lipoti. Koma pali uthenga umodzi wosadikira Lachisanu, wonena kuti muchedwa. Umenewo uzipita tsiku lomwe mwazindikira, pamodzi ndi deti latsopano.

Kondwani: Funso langa ndi la nthawi yotumizira. Ndikamaliza ntchito masana, kwa kasitomala wanga kumakhala kusanache. Ndikatumiza foni yake siimudzutsa?

Thoko: Imelo tumizani nthawi iliyonse, palibe amene amadzuka chifukwa cha imelo. Pa mauthenga a pa foni ndi pomwe muyenera kusamala, ena sazimitsa kulira usiku. Gmail ili ndi `Schedule send`, Slack nayonso imalola kuika nthawi yoti uthenga udzapite. Ine ndimaika kuti ufike 8:30 m'mawa wawo kuti ukhale pamwamba akamatsegula. Komanso pa Google Calendar yatsani `Display secondary time zone`, muziona mawotchi awiri moyandikana. Ikanakhala yoyaka kwa a Tadala, akanaona Lolemba m'mawa kuti 16:00 yayang'anizana ndi 10:00.

Tadala: Ndayatsa pompano, ndipo zikuonekadi. Kasitomala ayankha kuti palibe vuto, tikumana Lachitatu. Popeza ndikufuna kukanena za maola anga mu msonkhano umenewu, ndithandizeni kayendetsedwe kake. Ndimaona kuti nthawi zambiri ine ndimalowa nditatopa, iwo ali ndi mphamvu za m'mawa, ndiye ndimangovomera chilichonse.

Bambo Phiri: Zimenezo zimachitikadi, ndipo mankhwala ake ndi kukonzekera mutu udakali wopepuka. Lembani m'mawa mfundo zomwe mukufuna zigamulidwe, zitatu kapena zinayi, n'kuwatumizira kuti azipeze akamadzuka. Ola lomwe mumakumana ndi lochepa kwambiri moti si loti muziwerengerana zomwe mwachita, zimenezo zipite mu uthenga. Msonkhano ukhale wa zinthu zofuna kukambirana. Akakupemphani ntchito yatsopano mkati mwa msonkhano, musatchule deti pomwepo. Nenani kuti muwerengera ndipo adzapeza yankho akamadzuka.

Za ulemu, ine ndimalowa kutatsala mphindi ziwiri kapena zitatu, maikolofoni nditaiyesa kale. Moni ndimapereka wa nthawi yawo, kwa ine kukhale madzulo koma ndimati mwadzuka bwanji. Mawu akamachedwa kufika chifukwa cha netiweki, ndimadikira kamphindi munthu akamaliza ndisanayambe kulankhula, apo ayi mumangolankhulira limodzi. Mukatha, pasanathe ola, lembani zomwe mwagwirizana, ndani achita chiyani ndipo pofika liti. Mukagona osalemba, iwo ali ndi tsiku lonse loti agwire ntchito motsatira zomwe akukumbukira, ndipo mwina si zomwe inu mukukumbukira.

Limbani: Nanga kamera? Ine 6 koloko m'mawa sindiyatsa, ndipo ndinawauza chifukwa chake.

Thoko: Ine ndimayatsa nthawi zonse. Munthu amene sanakuonenipo maso ndi maso amakukhulupirirani msanga akamaona nkhope.

Mayi a Chisomo: Ine ndili pakati. Msonkhano woyamba komanso wa nkhani yovuta ndimayatsa. Netiweki ikafooka ndimazimitsa n'kunena kuti ndazimitsa kuti mawu amveke bwino. Chomwe sindichita ndi kujambula msonkhano osapempha, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani, monga kusungira mnzathu amene ali mtulo.

Pali nkhani ina yomwe sindinaipezere yankho lokhazikika. Pamene ola labwino kwa onse palibe, ndani azivutika? Pa gulu la anthu ogwira ntchito limodzi, chilungamo ndi kusinthana, mwezi uno awa adzuke m'mamawa, mwezi wamawa enawo agone mochedwa. Koma kwa kasitomala amene akukulipirani, kupempha zimenezo kumavuta.

Limbani: Ine ndinapemphapo, ndipo anavomera kuti kamodzi pa mwezi azikhala mpaka 6 koloko madzulo kwawo kuti ine ndilowe 9 koloko. Anadabwa kumva kuti ndimadzuka m'mamawa chifukwa cha iwo, sanawerengerepo n'komwe.

Thoko: Inu munapeza munthu wabwino. Wanga nditamupempha anangoti kalenda yake ndi yodzaza. Ndinasankha kuwonjezera mtengo pa misonkhano ya usiku, ndipo mwadzidzidzi misonkhano yambiri inasanduka maimelo.

Bambo Phiri: Za kuwonjezera mtengo ine sindinayesepo, ndimaopa kuti zingasokoneze ubale ngati sizinali mu mgwirizano woyamba. Koma pa mgwirizano watsopano ndikuona kuti n'zotheka kulembamo.

Kondwani: Funso lomaliza kwa ine. Kasitomala akachedwa kulowa, mumadikira mpaka liti?

Thoko: Mphindi 5 zikatha ndimalemba kuti ndalowa ndipo ndikudikira. Zikakwana 15 ndimalemba kuti ndatuluka, ndi nthawi ziwiri zina zoti asankhepo. Koma ngati ndi sabata yosintha mawotchi, ndimayamba ndaonanso ngati si ine amene ndalowa pa ola lolakwika.

Tadala: Ndabwera kudzakuuzani momwe zayendera lero. Ndinatumiza mfundo zitatu m'mawa, ya maola inali yomaliza. Ndinawauza kuti ndizipezeka 9 mpaka 12 koloko nthawi yawo, ndipo zofika pambuyo pake azizipeza zayankhidwa akamadzuka. Avomera, koma apempha kuti sabata yomwe tidzatsegulire webusayiti kwa anthu ndidzakhalepo mpaka 3 koloko yawo, yomwe ndi 9 koloko usiku kwa ine. Ndavomera masiku atatu okha. Chiitano cha pa kalenda atumiza okha, ndipo ndasuzumira pa 3 Novembala, pakuoneka 16:00.

Chatsala ndi bambo a ku London aja. Timaonana awiriwiri Lachinayi lililonse 11 koloko yawo, yomwe ndi 1 koloko yanga, ndipo kuyambira pa 3 Epulo idzakhala 12 koloko, nthawi yomwe ndimakatenga mwana. Popeza iwo si kasitomala koma mnzanga pa ntchito, ndikuganiza zowapempha kuti umenewu timange ku wotchi yanga, iwo azilowa 12 koloko miyezi yotentha. A Limbani, inu munayamba bwanji popempha?

Limbani: Ndinangolemba nthawi ziwirizo moyandikana, yawo ndi yanga, n'kufunsa ngati pali ola lina lomwe lingatikomere tonse. Alembereni sabata ino kalenda yawo ya Epulo isanadzaze.